Kulankhula wekha mphindi 2 pa mayeso a IELTS

Ndine namwino, ndimakhala ku Katoto kuno ku Mzuzu, ndipo Chingerezi ndimachigwiritsa ntchito tsiku lililonse: polemba za odwala, popatsirana malipoti pamene tikusinthana ntchito, pokambirana ndi madokotala. Koma mayeso olankhula a IELTS, omwe amayesa luso la munthu pa Chingerezi, amafuna chinthu chimene ntchito yathu sitiphunzitsa. Ku wodi timazolowera kufupikitsa. Wodwala uyu wagona bwanji, wamwa mankhwala ati, kutentha kwa thupi kuli pati, basi, tipite pa bedi lina. Pa mayeso akupatsani nkhani imene simunaikonzekere, akupatsani mphindi imodzi yoganiza, kenako akufuna mulankhule nokha mpaka mphindi 2 popanda wina wokuthandizani ndi funso. Amene ndawaona akuvutika pamenepa ambiri si osadziwa Chingerezi. Nkhani imangowathera m'kamwa nthawi isanakwane.

Ine ndinkafuna bandi 7, kutanthauza mlingo 7 wa malikisi a mayesowa, pa kulankhula, chifukwa bungwe lolembetsa anamwino ku UK, la Nursing and Midwifery Council, limafuna 7 pa kulankhula, kumvetsera ndi kuwerenga, ndi 6.5 pa kulemba. Ena amalemba mayesowa pofuna sukulu yakunja, ndipo sukulu iliyonse ili ndi mlingo wake, choncho yambani mwadziwa nambala imene ikufunika kwa inu.

Mayeso olankhula onse amatenga mphindi 11 mpaka 14, muli awiri ndi woyesa, ndipo mawu anu amajambulidwa. Ali ndi magawo atatu. Loyamba, la mphindi 4 mpaka 5, ndi mafunso afupiafupi okhudza inuyo: kumene mumakhala, ntchito kapena sukulu, zimene mumakonda. Lachiwiri ndi la khadi lolembedwapo nkhani yoti mukambe, lija la mphindi 2. Lachitatu, la mphindi 4 mpaka 5, ndi kukambirana mozama nkhani yogwirizana ndi ya pa khadi ija. Malikisi amachokera pa zinthu zinayi zolemera mofanana: kulankhula mosadodoma ndi molongosoka, kuchuluka ndi kuyenera kwa mawu, galamala, ndi katchulidwe. Ndikhazikika pa gawo lachiwiri, chifukwa ndi pamene woyesa amamva Chingerezi chanu kwa nthawi yaitali osachidula, ndiponso ndi pamene wotchi imathandiza kwambiri pokonzekera.

Amene anandithandiza ndi alamu anga a ku Chibavi, omwe amaphunzitsa Chingerezi ku sekondale. Tsiku loyamba sanandiphunzitse kanthu, anangofuna kuyeza. Analemba khadi pa pepala, anatchera wotchi ya pa foni yawo, foni yanga n'kuiika pa tebulo kuti izijambula mawu. Khadi la IELTS limakhala ndi mutu pamwamba, mizere itatu ya zimene muyenera kunena, ndi mzere womaliza wokupemphani kufotokoza chifukwa kapena mmene munamvera. Lathu ndilemba m'Chichewa pano, koma pa mayeso zonse zimakhala m'Chingerezi. Linati: fotokozani ulendo umene unatenga nthawi yaitali kuposa mmene mumayembekezera, nenani kumene mumapita, mmene munayendera, chimene chinakuchedwetsani, ndipo fotokozani mmene munamvera.

Ndinanena kuti ndinkapita ku Nkhata Bay kwa azakhali anga, ndinakwera minibasi, tayala linaphulika pa njira ndipo kunkagwa mvula, ndinatopa komanso ndinakhumudwa. Ndinayankha mizere yonse inayi, Chingerezi chake chinali chabwinobwino, ndipo ndinasiya.

"Alamu, mwathera pa masekondi 50," anatero. "Mwayankha ngati mukudzaza fomu."

Vuto lake lagona pamenepo. Mizere ya pa khadi imaoneka ngati mafunso anayi ofuna mayankho anayi, ndipo munthu wozolowera kuyankha molunjika amapereka chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa mzere uliwonse. Ziganizo zisanu ndi zitatu sizingadzaze mphindi 2. Nditawerenga mawu m'zojambula zanga, ndinapeza kuti pa liwiro langa labwinobwino mphindi 2 zimadya mawu a Chingerezi pakati pa 250 ndi 300. Yankho langa loyamba lija silinafike ngakhale theka. Lamulo limati mulankhule mphindi imodzi mpaka 2, koma mukasiya msanga mwadzimana nokha mpata woonetsa kuti mutha kulankhula nthawi yaitali osavutika, chomwe ndi chimodzi mwa zimene bandi 7 imafuna. Woyesa akakudulani pa mphindi 2 muli pakati pa chiganizo, palibe malikisi amene mwataya. Choncho pokonzekera ine ndinaika cholinga chakuti azindidula, osati ndizisiya ndekha.

Chinthu choyamba chimene tinasintha ndi kagawidwe ka nthawi. Mizere inayi ija si yolemera mofanana. Kumene mumapita ndi nkhani ya masekondi 15. Mmene munayendera, 20. Chimene chinachitika, 30 kapena 35, chifukwa pamenepa pali nkhani yoti ikambidwe. Mzere womaliza, wofotokoza mmene munamvera ndi chifukwa chake, utenge zonse zotsala, pafupifupi masekondi 50. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa: amataya nthawi pa chiyambi, kufotokoza tsiku ndi mwezi, kenako mzere womaliza amaupatsa chiganizo chimodzi. Koma mzere womalizawo ndi umene umatulutsa ziganizo zazitali zokhala ndi zifukwa, kuyerekeza ndi kuganizira zimene zikanachitika, zomwe woyesa akuzifunafuna pa galamala.

Chachiwiri ndi mphindi imodzi yokonzekera ija. Amakupatsani pepala ndi pensulo, ndipo pepalalo pamodzi ndi khadi mumakhala nazo pamene mukulankhula. M'mphindi imodzi dzanja langa limalemba mawu osapitirira 20 owerengeka bwino, choncho kulemba ziganizo n'kutaya nthawi: mumamaliza chiganizo chimodzi ndi theka, nthawi yatha, ndipo mizere itatu ilibe kanthu. Ndinazolowera kuigawa motere. Masekondi 10 oyamba ndi osankha nkhani, ndipo nkhani yoyamba imene yabwera m'mutu ndi imeneyo, osasinthanso. Masekondi 20 otsatira ndimalemba mawu awiri kapena atatu pa mzere uliwonse wa mizere itatu yoyamba. Masekondi 30 otsala onse ndi a mzere womaliza. Kumanzere kwa pepala ndinkatsitsa manambala 1 mpaka 4, kuti diso likatsika lipeze msanga pamene ndili.

Pa khadi la ulendo lija, pepala langa lachiwiri linali ndi izi. Pa 1: Nkhata Bay, azakhali, chinkhoswe. Pa 2: minibasi, depoti, kudikira idzaze. Pa 3: tayala, lapadera lopanda mpweya, mvula, mayi wa nthochi. Pa 4 ndinalemba zinthu zinayi: poyamba mkwiyo, kenako nkhawa, pambuyo pake kuseka, lero ndimanyamuka m'mawa. Onani kuti pa 4 sindinalembe kamvedwe kamodzi. Ndinalemba mmene kamvedwe kanasinthira. Kamvedwe kamodzi kamatha m'chiganizo chimodzi, koma kusintha kwake kumafuna kuti munene chimene chinayambitsa kalikonse.

Polankhula zinayenda chonchi. Ndinayamba ndi kunena kuti ulendo wake ndi wa ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchoka ku Mzuzu, umene nthawi zambiri umatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo ndinkapita ku chinkhoswe cha mwana wa azakhali anga. Kutchula nthawi imene ulendo umayenera kutenga n'kofunika, chifukwa mutu wa khadi ndi kuchedwa, ndipo womvera ayenera kudziwa poyerekezera. Pa mzere wachiwiri ndinanena kuti ndinakwera minibasi ku depoti, ndipo popeza woyesa mwina sadziwa mayendedwe athu, ndinafotokoza kuti kuno minibasi siinyamuka pa nthawi yoikika, imanyamuka ikadzaza, choncho tinayamba kuchedwa tisanatuluke n'komwe mu mzinda. Kufotokozera mlendo zinthu za kwathu ndi njira yabwino kwambiri yopezera zonena, ndipo si kuzemba funso. Kumaonetsanso luso lina limene amapereka nalo malikisi, lofotokoza chinthu m'mawu ena pamene mawu ake enieni palibe. Chinkhoswe ndinachifotokoza ngati mwambo umene mabanja awiri amakumana poyera kuvomereza ukwati usanachitike, ndipo chiganizo chimenecho chokha chinadya masekondi angapo abwino.

Pa mzere wachitatu ndinakamba nkhani mwa ndondomeko yake: tikutsika zitunda zopita kunyanja tayala linaphulika, kondakitala anatulutsa lapadera n'kupeza kuti lilibe mpweya, anakwera galimoto ina kukalipopetsa, ife n'kutsala m'mbali mwa msewu mvula ikugwa. Mayi wina amene ananyamula nthochi zokagulitsa anayamba kutigawira. Pofika apa wotchi inali pa mphindi imodzi ndi masekondi 10. Ndiye mzere womaliza: poyamba ndinakwiya chifukwa ndinadzuka m'mamawa ndipo vutolo likanapeweka dalaivala akanayang'ana matayala asananyamuke, kenako ndinada nkhawa chifukwa ine ndi amene ndinanyamula nsalu za apabanja ndipo foni inalibe netiweki, pambuyo pake, anthu osadziwana atayamba kucheza ndi kudya nthochi zija, ndinapezeka ndikuseka nawo, ndipo kuyambira pamenepo ndikakhala ndi mwambo kunja kwa mzinda ndimanyamuka maola angapo nthawi isanakwane. Alamu anandidula ndisanamalize chiganizo chomaliza.

Nkhani ndi yomweyo, munthu ndi yemweyo, ndipo palibe mawu atsopano a Chingerezi amene ndinaphunzira pakati pa kuyesa koyamba ndi kwachiwiri. Chinasintha ndi pepala.

Nthawi zina pepala limatha wotchi ikadali ndi masekondi 30. Pa zoterezi ndinali ndi mafunso atatu amene ndinkadzifunsa mumtima, ndipo amagwira pa khadi la mtundu uliwonse, kaya likufuna munthu, malo, chinthu kapena chochitika. Loyamba: zisanachitike izi, zinthu zinali bwanji? Lachiwiri: munthu wina amene analipo anati chiyani, kapena akanaziona bwanji? Lachitatu: zikanakhala mwina, chikanachitika n'chiyani? Lililonse limakukakamizani kugwiritsa ntchito galamala yosiyana. Loyamba limafuna nthawi yakale yapatsogolo pa ina yakale, lachiwiri limafuna kubwereza zimene wina ananena, lachitatu limafuna ziganizo za "ndikanadziwa, ndikanachita". Ndiye mukudzaza nthawi, komanso mukuonetsa mitundu ya ziganizo imene woyesa akufuna kumva. Ndimakonda mafunso amenewa kuposa mndandanda wa mawu ozama oloweza pamtima, chifukwa mawu oloweza amafuna khadi lowayenera, pamene mafunsowa amalowa paliponse.

Kunena za kuloweza, ndaona anzanga akusonkhanitsa mayankho athunthu olembedwa kale n'kumawaloweza ngati ndakatulo. Ndimawaletsa ndi mtima wonse. Oyesa anaphunzitsidwa kuzindikira yankho loloweza, ndipo silivuta kulimva: liwiro limasintha, mawu amakhala osalala mopitirira mmene munthuyo amalankhulira m'gawo loyamba, maso amayang'ana kudenga, ndipo khadi likasiyana pang'ono ndi limene analoweza, yankho limapita kwina. Zimene zimathandiza n'kukhala ndi nkhani zanu zenizeni zingapo zimene mwazikamba kambirimbiri m'njira zosiyanasiyana. Ulendo wa ku Nkhata Bay uja ndinaugwiritsanso ntchito pa khadi la munthu wachilendo amene anandichitira chifundo, pa la tsiku limene nyengo inasokoneza zolinga zanga, ndi pa la mwambo wa pabanja. Nthawi iliyonse pakati pa nkhani pankasuntha: apa mayi wa nthochi, apo mvula, apo chinkhoswe. Woyesa sakufufuza ngati nkhaniyo ndi yoona, ndipo mutha kuwonjezera zina, koma nkhani yoona imakambika mosavuta chifukwa simukupeka ndi kumasulira nthawi imodzi.

Tsopano za wotchi. M'chipinda cha mayeso simulowa ndi foni kapena wotchi ya pamkono, ndipo nthawi amasunga ndi woyesa. Choncho cholinga cha kuyeserera ndi wotchi si kuzolowera kuiyang'ana, koma kuti thupi lidziwe lokha kutalika kwa mphindi 2. Tinachita m'masitepe. Poyamba foni inali patsogolo panga, ndikuona manambala. Kenako alamu anaitembenuzira kwa iwo, n'kumangokweza chala pa masekondi 30 aliwonse. Chala chachiwiri chikakwera ndisanafike pa mzere wachitatu, ndiye kuti ndachedwa pa chiyambi, ndipo ndikafika pa mzere womaliza chala chachiwiri chisanakwere, ndiye kuti ndathamanga ndipo nkhani indithera. Pomaliza anasiya zala zonse, n'kumangonena kuti yambani ndi kuti basi, monga mmene woyesa amachitira. Akandidula ankandifunsa kuti ndikuganiza kuti mzere womaliza ndinauyamba pa sekondi iti, kenako tinkamvera chojambula kuti tione. Kusiyana kwa zimene ndinkaganiza ndi zenizeni kutachepa kufika masekondi 10, tinadziwa kuti sitepe imeneyo yatheka.

Masiku amene ndinali pa ntchito ya usiku kapena alamu ali ndi zolemba za ana zoti achonge, ndinkayeserera ndekha. Ndinadula timapepala, kalikonse ndi khadi lake, n'kutiika m'kapu kuti ndizitola osasankha. Kusankha khadi nokha kumanamiza, chifukwa dzanja limapita pa nkhani imene mukuidziwa kale. Ulendo umodzi woyeserera unali wa mphindi 20 kapena 25: mphindi imodzi kukonzekera, 2 kulankhula, kumvera chojambula, kulankhulanso khadi lomwelo, kenako khadi latsopano. Kubwereza khadi lomwelo kachiwiri musakudumphe. Ndi pamene zimene mwamva kuti zalakwika mumazikonza zikadali m'khutu.

Kumvera mawu ako omwe n'kosasangalatsa, ndipo ambiri amajambula koma osamvera. Komanso kumvera kongoti "zamveka bwino" kapena "sizinamveke bwino" sikuthandiza. Ine ndinkamvera chojambula chimodzi katatu, ulendo uliwonse ndikusaka chinthu chimodzi chokha.

Ulendo woyamba ndinkasaka malo amene ndaima. Si kuima konse kumene kuli vuto. Kuima pamathero a ganizo, musanayambe lina, ndi mmene anthu onse amalankhulira. Kuima pakati pa chiganizo, mukusaka liwu kapena mukukonza galamala m'mutu, ndi kumene kumatsitsa malikisi kukachuluka. Ndinkalemba sekondi imene ndaima ndi chimene ndinkasaka. Ngati linali liwu, ndinkaphunzira njira ziwiri zonenera chinthucho, kuti tsiku lina likasowa limodzi ndidutse ndi linalo m'malo moima.

Ulendo wachiwiri ndinkasaka zinthu ziwiri za galamala zimene ife olankhula Chichewa ndi Chitumbuka timapunthwa nazo ngakhale tikuzidziwa bwino pa pepala. China ndi mawu olowa m'malo mwa dzina. Kwathu "iye" ndi mwamuna kapena mkazi, koma Chingerezi chimasiyanitsa, ndipo pakamwa pakathamanga mayi wa nthochi uja amasanduka bambo pakati pa nkhani, womvera n'kusokonezeka kuti walowa ndani. China ndi nthawi ya mneni. Timayamba bwino m'nthawi yakale, koma nkhani ikafika pokoma timalumphira m'nthawi yatsopano osazindikira. Makadi ambiri amafunsa zinthu zakale, choncho vutoli limabwera kawirikawiri. Mankhwala ake anali osavuta: pamwamba pa pepala lokonzekera ndinkalemba chizindikiro chimodzi chondikumbutsa nthawi ya nkhaniyo, ndipo pafupi ndi munthu wamkulu wa m'nkhani ndinkalemba liwu lake lolowa m'malo mwa dzina. Zimatenga masekondi awiri.

Ulendo wachitatu unali wa katchulidwe. Woyesa safuna kuti mumveke ngati munthu wa ku London; kalankhulidwe ka Chimalawi si mlandu malinga ngati mukumveka mosavuta. Zimene zimasokoneza womvera ndi zina. Mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, choncho pa mawu a Chingerezi othera pa malembo opanda liwu awiri kapena atatu, lilime limafuna kuwonjezera "i" kumapeto kapena kumeza mathero onse. Mukameza mathero, mwameza pamodzi chizindikiro cha nthawi yakale kapena cha zambiri, ndipo vuto la katchulidwe lasanduka la galamala m'khutu la woyesa. Palinso l ndi r, zimene kwathu sizisintha tanthauzo koma m'Chingerezi zimasintha. Sindinayese kukonza zonse. Ndinatola mawu amene ankabwerabwera m'nkhani zanga, n'kumawatchula pang'onopang'ono m'ziganizo zathunthu mpaka atakhazikika.

Nditayamba kudzaza mphindi 2 mosavuta koma ndikudodomabe, alamu anabweretsa njira imene aphunzitsi a zilankhulo amaitcha 4/3/2, imene katswiri wina wa ku New Zealand, Paul Nation, anaifufuza mu 1989. Mumakamba nkhani imodzi katatu: koyamba m'mphindi 4, kachiwiri m'mphindi 3, kachitatu m'mphindi 2, ndipo ndi bwino kuti womvera azisintha. Popeza nkhani mukuidziwa kale ndipo nthawi ikuchepa, kudodoma kumachepa. Ine ndinkakambira alamu, kenako mwana wawo wa Fomu 4, kenako foni. Koma dziwani malire ake. Imathandiza liwiro ndi kusalala, siikonza galamala. Cholakwika chimene mwanena koyamba mudzachinenanso kachitatu, mothamanga. Ndiponso si ya munthu amene akuthera pa masekondi 50, chifukwa iye vuto lake ndi kusowa zonena. Yambani ndi pepala, iyi ibwere pambuyo.

Magawo ena awiri ali ndi kamangidwe kawo, ndipo kusakaniza n'kumene kumapweteka. M'gawo loyamba yankho labwino ndi la masekondi 15 mpaka 20: yankhani funso molunjika, onjezani chifukwa chimodzi kapena kanthu kamodzi kooneka, siyani. Akakufunsani ngati mumakonda nyengo ya kwanu, nenani kuti inde, chifukwa Mzuzu ndi wozizira kuposa kunyanja ndipo mumagona bwino, ngakhale kuti mu Juni ndi Julayi kudzuka m'mawa kupita ku ntchito kumavuta. Zakwana. Munthu amene wayeserera kwambiri gawo lachiwiri amafuna kukamba mphindi yathunthu pa funso lililonse, ndipo woyesa amakakamizika kumudula mobwerezabwereza, zomwe zimamusokoneza mtima mayeso atangoyamba.

M'gawo lachitatu mafunso amachoka pa inu n'kupita pa anthu onse. Pambuyo pa khadi la ulendo angafunse chifukwa chimene anthu ambiri amakondera galimoto zawozawo kuposa za aliyense, kapena mmene mayendedwe adzasinthire m'tsogolo. Apa ndinkatsata masitepe anayi m'masekondi 30 mpaka 40: maganizo anga, chifukwa chake, chitsanzo, ndi pamene maganizowo sakugwira. Mwachitsanzo: ndikuganiza kuti chachikulu ndi kufuna kudzisungira nthawi, galimoto ya aliyense imanyamuka ndi kuima mosadziwika, choncho wa ntchito yoyamba pa ola loikika sangaidalire, m'mizinda ya kwathu n'chifukwa chake ambiri amalolera kulipira kabaza wa njinga yamoto ngakhale minibasi ili yotchipa, koma m'mizinda ikuluikulu yokhala ndi sitima zosunga nthawi, anthu ambiri amasiya galimoto kunyumba. Chitsanzo chikhale cha anthu ambiri, osati "ine ndi azakhali anga", chifukwa gawoli likuyesa ngati mungakambe zinthu zokhudza anthu onse. Sitepe yachinayi ndi imene ambiri amaisiya, koma ndi imene imaonetsa kuti mutha kuyang'ana nkhani mbali ziwiri.

Masitepewa akhale m'mutu, asamveke pakamwa. Ndinamvapo munthu akuyamba yankho lililonse ndi mawu amodzimodzi olumikizira, choyamba, chachiwiri, pomaliza, ngati akuwerenga nkhani yolemba. Malikisi a kulongosoka amafuna kuti mawu olumikizira azisinthasintha ndipo azigwa pamalo pake. Ngati funso lili losavuta, masitepe awiri akwana. Ngati simunamve funso, m'gawo lachitatu mutha kupempha woyesa kuti alifotokoze m'mawu ena, ndipo kuchita zimenezi kamodzi kapena kawiri kuli bwino kuposa kuyankha funso limene sanafunse. M'gawo loyamba angangolibwereza mmene lilili.

Sabata zomaliza tinkachita mayeso onse athunthu, mphindi 14 osaima, alamu atavala nkhope ya woyesa: osandithandiza liwu, osagwedeza mutu kwambiri, osaseka. Izi n'zofunika, chifukwa kwathu womvera amathandiza wolankhula ndi "eya", "zoona", "ndiye?", ndipo zikasowa munthu amayamba kuganiza kuti akulakwitsa n'kufupikitsa nkhani. Woyesa amakhala waulemu, koma m'mphindi 2 zija salankhula kanthu.

Mayeso ndinakalembera ku Lilongwe kudzera ku British Council, ndipo pa kulankhula ndinapeza 7.5. Khadi langa silinali la ulendo. Linkafuna luso limene ndinaphunzira kwa munthu wachikulire. Ndinasankha kuphika kondowole m'masekondi 10 oyamba aja, ndipo theka la mphindi yokonzekera ndinalipereka ku mzere womaliza monga mwa chizolowezi. Kwa inu ochokera kuno kumpoto, onetsetsani tsiku ndi ola la mayeso olankhula musanagule tikiti ya basi kapena kulipira malo ogona, chifukwa akhoza kukhala tsiku lomwelo ndi mapepala ena atatu kapena tsiku lina, mpaka sabata imodzi patsogolo kapena pambuyo. Tengani chiphaso chomwecho chimene munalembetsera, chifukwa woyesa amachiona musanayambe. Zotsatira zake mabungwe ambiri amazilandira kwa zaka 2 zokha, choncho sankhani tsiku lolemba mogwirizana ndi nthawi imene mapepala anu ena adzakhale okonzeka.